Mkodzo ukuwotchabe atamwa mankhwala: kusankha mankhwala a chikhodzodzo ndi kudziwa nthawi yowonjezera masiku

Ndikulemba izi chifukwa cholakwika chimodzi ndachiona kambirimbiri m'mabuku a kuchipatala a amayi. Mayi wabwera akumva kuwotcha pokodza, wapatsidwa mankhwala, sanapeze bwino, wabweranso, ndipo amene wamuona wangomuwonjezera masiku a mankhwala omwewo. Pofika ulendo wachitatu, mayiyo wamwa mapiritsi milungu iwiri, m'mimba mwasokonezeka, kumaliseche kwayamba kuyabwa, koma matenda oyamba aja ali pompo. Mankhwala amene tizilombo sitikuwamva sangayambe kugwira ntchito chifukwa choti mwawonjezera masiku.

Zili m'munsimu ndi za akiliniko, anamwino ndi a m'famase. Mayi amene akudwala angaphunzirepo kanthu, koma asatengepo chilolezo chokagula makapisozi ku golosale.

## Yambani mwatsimikiza kuti ndi mayi amene tikumunenayo

Tikukamba za mayi wamkulu, wathanzi, wosayembekezera, amene tizilombo talowa m'chikhodzodzo mokha. Amamva kuwotcha pokodza, amakodza pafupipafupi koma pang'onopang'ono, mkodzo ukamugwira sungadikire, ndipo pachinena pamalemera kapena kupweteka. Thupi silitentha. Ngati kuwotcha ndi kukodza pafupipafupi zilipo zonse, chikazi chachilendo palibe ndiponso kumaliseche sikukuyabwa, amayi oposa 9 mwa 10 otero amakhala ndi matenda a chikhodzodzo enieni. Kachilombo kake nthawi zambiri ndi E. coli, kochokera m'matumbo a mayi yemweyo.

Mafunso anayi musawadumphe ngakhale mzere panja utafika pamtengo wa mango:

- Munasamba liti komaliza, ndipo mukulera ndi njira yanji?
- Thupi latenthapo, mwanjenjemerapo, kapena m'mbali mwa msana mukupweteka?
- Chikazi chasintha, kapena kumaliseche kuli zilonda?
- M'miyezi itatu yapitayi mwamwapo mankhwala ati opha tizilombo?

Funso lomalizalo mulifunse mofatsa. Mukati "mwamwa mankhwala?" ambiri amati ayi. Mukati "Mayi, kunyumba kuja munayesako chiyani musanabwere?" m'pamene mumamva za bakitirimu wotsala wa apongozi.

## Mankhwala amene muli nawo, ndi mmene ndimawayikira pamzere

Naitrofurantoini ndiye woyamba. Akamwedwa, impso zimamutaya msanga mumkodzo, choncho amachuluka m'chikhodzodzo momwe muli matendamo, pomwe m'magazi amakhalamo wochepa kwambiri. E. coli wambiri amamumvabe ngakhale mankhwalawa akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Alipo a mitundu iwiri, ndipo apa m'pamene anthu amapunthwa. Makapisozi osungunuka pang'onopang'ono amamwedwa 100 mg kawiri patsiku. Mapiritsi wamba amatha msanga m'thupi, motero amamwedwa 50 mpaka 100 mg kanayi patsiku. Onse ndi masiku 5, pamodzi ndi chakudya. Ku Britain amapereka masiku 3, koma buku la bungwe la WHO limati 5, ndipo ine ndimatsata 5.

Musamupereke kwa amene impso zake zafooka, eGFR ikakhala pansi pa 45, chifukwa safika wokwanira mumkodzo ndipo amaunjikana m'thupi. Ena amalola mpaka 30 kwa masiku ochepa ngati palibe china. Musamuperekenso kwa amene ali ndi vuto la magazi lobadwa nalo la G6PD, lomwe ku Africa kuno si lachilendo, kapena kwa mayi woyembekezera amene watsala pang'ono kubereka.

Kotirimokisazo, amene tonse timati bakitirimu, m'mabuku amaoneka wokongola: 960 mg, kutanthauza mapiritsi awiri a 480 mg, kawiri patsiku kwa masiku 3 okha. Koma lamulo lake ndi loti aperekedwe mongoganizira pokhapokha E. coli wosamumva m'deralo asakupitirira 20 pa 100. Kuno tinadutsa malire amenewo kalekale. Anthu ambiri amene ali ndi HIV amamwa bakitirimu tsiku lililonse podziteteza, ndipo ena amamwa pa chifuwa, pa kutsegula m'mimba, pa chilichonse. Ine ndimamupereka pokhapokha labotale itanena kuti kachilombo ka mayi ameneyo kakumumva. Mayi amene akumwa kale bakitirimu tsiku ndi tsiku n'kudwala chikhodzodzo, yankho walipereka yekha.

Amokisisilini payekha musamulembe. Mu 2021 WHO inamuchotsa pamndandanda wa mankhwala a matendawa chifukwa E. coli wambiri padziko samumvanso. Amokisikilavu, 625 mg katatu patsiku kwa masiku 3 mpaka 5, kapena sefalekisini, 500 mg kawiri patsiku kwa masiku 5 mpaka 7, amathandiza naitrofurantoini akakhala kuti palibe kapena sangaperekedwe. Koma mankhwala a banja limeneli amachiritsa ochepa poyerekeza ndi enawa, ndipo amabweretsa mauka ndi kutsegula m'mimba.

Fosifomaisini ndi ufa wa 3 g wosungunula m'madzi n'kumwa kamodzi basi. Sapezekapezeka kuno. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2018, wochitikira ku Switzerland, Poland ndi Israel, amayi 70 pa 100 amene anamwa naitrofurantoini masiku 5 anali atachira pofika tsiku la 28, pomwe amene anamwa fosifomaisini kamodzi anali 58 pa 100. Ubwino wake ndi woti palibe kuiwala piritsi.

Ndiye pali sipulo. Sipulofulokisasini 250 mg kawiri patsiku kwa masiku 3 amachiritsa ndithu ngati kachilomboko kakumumva, n'chifukwa chake dzanja limathamangira kumulemba. Ndimamusunga pa zifukwa izi. Ndi amene timamudalira matenda akakwera ku impso, komanso pa taifodi. Angathe kutupitsa kapena kudula msempha wa kuchidendene, makamaka kwa achikulire ndi amene akumwa puredinisoloni. Amaziziritsa TB kwa kanthawi, munthu n'kuchedwa kupezeka nayo. Ndipo mphamvu zake zikupita: pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, E. coli wopezeka m'magazi wosamva sipulo anali wosakwana 3 pa 100 mu 2003, koma anadutsa 30 pa 100 pofika 2016. Amenewo anali odwala ogonekedwa, osati amayi a kumsika, komabe kumene zinthu zikulowera kukuoneka. Pamene malangizo a Unduna wa Zaumoyo kapena shelefu ya famase yanu yakusiyirani sipulo yekha, m'perekeni, koma masiku ochepa.

## Chizindikiro 1: patha masiku awiri akumwa, koma kuwotcha sikunachepe

Mankhwala oyenera amayamba kuonetsa kusintha m'maola 24 mpaka 48. Kusachira kwathunthu pa tsiku lachiwiri si vuto. Vuto ndi kusasintha konse kapena kunyanyira. Zoyambitsa, kuyambira yofala:

1. Kachilombo sikakumva mankhwalawo. Onani zimene wamwa. Ngati ndi bakitirimu kapena amokisisilini, sinthani, m'patseni naitrofurantoini masiku 5. Ngati anali kale pa naitrofurantoini, mwina kachilombo si E. coli: Proteus samumva mwachibadwa, ndipo Klebsiella amamumva mwa apo ndi apo. Tumizani mkodzo ku kalicha, kumene amameretsa tizilombo n'kuyesa mankhwala amene akutipha, ndipo podikira perekani wa banja lina.
2. Si matenda a chikhodzodzo. Chinzonono, kilamidiya, mauka ndi zilonda za hepizi zonse zimawotcha pokodza. Funsaninso za chikazi, za bambo kunyumba ngati akudandaula, ndipo muyezeni mayiyo. Kuwotcha kwa zilonda amakumva kunja mkodzo ukakhudza khungu. Kwa chikhodzodzo amakumva mkati, makamaka pomaliza. Mukapeza za matenda opatsirana pogonana, tsatani ndondomeko yake ndipo athandizidwe onse awiri.
3. Sakumwa monga analembera. Pemphani kapepala ka mapiritsi muwerenge otsala. Mapiritsi wamba a naitrofurantoini olembedwa kawiri patsiku ndi mlingo woperewera, ndipo cholakwacho n'chathu. Sipulo womwera mkaka, kapena pamodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi kapena a chilungulira, salowa bwino m'thupi. Amwe sipulo maola awiri asanamwe zinazo.
4. Mwala kapena china chotsekereza. Si kawirikawiri. Ululu wobwera n'kupita wochokera m'mbali kutsikira kuchinena ufunika sikani.

Pa zinayi zonsezi palibe pomwe yankho ndi kuwonjezera masiku a mankhwala omwewo.

Mayi wina wa zaka 29, wogulitsa tomato, anandipeza ali paulendo wake wachitatu. Anayamba ndi bakitirimu wa ku golosale masiku awiri. Pachipatala china anamulembera amokisisilini masiku 5, ndipo atabwererako anamuwonjezera masiku 5 ena. Ndinati, "Mayi, chiyambireni makapisoziwa, lilipo tsiku limene munamvako bwino?" Anati, "Ayi adokotala, usiku ndimadzuka kasanu, ndipo pamsika ndangotsala pang'ono kusamukira kuchimbudzi." Thupi linali 36.8, msana nditagogoda sanamve kanthu, chikazi chachilendo panalibe. Anali pa jakisoni wolera, koma poti anachedwa kukabayitsa, ndinayeza mimba, panalibe. Kapepala koviika mumkodzo kanaonetsa naitraiti ndi maselo oyera.

Famase inali ndi mapiritsi wamba a naitrofurantoini a 100 mg. Ndinalemba kanayi patsiku masiku 5, mapiritsi 20, ndipo tinagwirizana nthawi zake: pa phala la m'mawa, pa nsima ya masana, chakumadzulo ndi kambatata kapena nthochi, ndi pa nsima ya usiku. Ndinamuchenjeza kuti mankhwalawa amadetsa mkodzo. Anabwera tsiku lachitatu monga ndinamuuzira, kuwotcha kutatha, atagona usiku wonse. Chimene anabwera nacho chatsopano chinali kuyabwa ndi chikazi choyera chamibulu, mphatso ya masiku 12 a mankhwala osayenera aja. Zimenezo zinatha ndi kilotirimazo woika kumaliseche.

## Chizindikiro 2: thupi latentha, akunjenjemera, kapena m'mbali mwa msana mukupweteka

Apa m'pamene masiku amawonjezekadi, ndipo mankhwala amasinthanso.

1. Matenda akwera ku impso. Yezani kutentha, 38 kapena kuposa ndi chenjezo. Gogodani pang'ono kumsana pansi pa nthiti zomaliza, mbali iliyonse. Naitrofurantoini ndi fosifomaisini asiyeni pomwepo, chifukwa m'mnofu wa impso safikamo okwanira. Mayi angamve kuti kukodza kwayamba bwino pomwe impso ikuwola. Tengani mkodzo wa kalicha musanapereke china. Amene akudya ndi kumwa, sakusanza ndipo sali woyembekezera angathandizidwe ali kunyumba ndi sipulo 500 mg kawiri patsiku kwa masiku 7, ndipo ambiri timayamba ndi jakisoni mmodzi wa sefitiriyakisoni 1 g poopa kuti kachilombo sikamva sipulo. Abwerenso pakatha maola 48.
2. Malungo, okha kapena pamodzi ndi chikhodzodzo. Yezani magazi. Koma malungo akapezeka musatseke buku, gogodanibe msana.
3. Matenda a m'chiberekero ndi m'machubu, kapena mimba yomera panja pa chiberekero. Ululu wa m'munsi mwa mimba, chikazi, kudumphitsa kusamba. Yezani mimba nthawi zonse.

Lekani, itanani dokotala kapena tumizani wodwalayo lero lomwe ngati akusanza chilichonse, BP yatsika, mtima ukuthamanga, mutu wasokonekera, mkodzo wachepa kwambiri, ali woyembekezera, ali ndi impso imodzi kapena mwala wodziwika, kapena thupi likutenthabe patatha maola 48 mpaka 72 a mankhwala. Impso yotsekeka yokhala ndi mafinya sichira ndi mapiritsi.

## Chizindikiro 3: anachira, koma zabweranso

Funsani kuti papita nthawi yaitali bwanji, pakuti yankho lagona pamenepo.

Zikabwerera pasanathe milungu iwiri, kawirikawiri ndi kachilombo komwe kaja kamene sikanafe konse. Mwina sikamamva bwino mankhwalawo, mwina mayiyo anasiya pa tsiku lachiwiri atamva bwino, mwina matenda anali atafika kale ku impso mwakachetechete. Tumizani kalicha, perekani mankhwala ena osati oyamba aja, ndipo ulendo uno masiku 7.

Zikabwerera patatha mwezi kapena miyezi, ndi matenda atsopano, ndipo amachira ndi masiku ochepa omwe aja. Ambiri amalakwitsa pano, amaganiza kuti wodwaladwala afunika masiku 10 kapena 14. Chimene afunika ndi kufufuza chifukwa chake akadwala kawiri m'miyezi 6 kapena katatu pachaka:

- Kugonana ndiko kumayambitsa kwambiri mwa amayi achitsikana, makamaka pogwiritsa ntchito mankhwala opha umuna. Asinthe njira yolerera ngati ndi imeneyo. Kukodza mukatha kugonana kulibe choipa.
- Kumwa madzi ochepa. Kafukufuku wina wa mu 2018 anapeza kuti amayi omwa madzi ochepa atawonjezera lita imodzi ndi theka patsiku, kudwala kwawo kunatsika pafupifupi ndi theka. Amayi a pamsika ndi aphunzitsi ambiri amadzimana madzi dala poopa chimbudzi, afunseni.
- Kusiya kusamba. Khungu la kumaliseche limapyapyala, ndipo kirimu wa esitirojeni wopaka komweko amachepetsa kubwereza.
- Shuga wosadziwika, chiberekero chotsika, kapena chikhodzodzo chosakhuthula mkodzo wonse.

Mankhwala omwa tsiku lililonse kwa miyezi podziteteza si oyamba nokha pawindo la famase. Naitrofurantoini womwa nthawi yaitali angawononge mapapo ndi chiwindi, choncho ameneyo akhale m'manja mwa dokotala womutsatira.

## Chizindikiro 4: mkodzo wasintha mtundu kapena muli magazi

1. Naitrofurantoini amadetsa mkodzo, umakhala wachikasu chodera ngati tiyi wopanda mkaka. Palibe choopsa. Mukaiwala kunena, mayi amasiya mankhwala tsiku loyamba. Rifampisini wa TB nayenso amaufiiritsa.
2. Chikhodzodzo chotupacho chimatha kutulutsa magazi pang'ono. Zimenezi pazokha siziwonjezera masiku, koma magaziwo athe matenda akatha.
3. Likodzo. Madontho a magazi pomaliza kukodza, mwa mayi amene amachapa kapena kusamba m'nyanja ya Malawi, ku Chilwa, mu Shire kapena m'madambo a mpunga. Kapepala kamaonetsa magazi ndi maselo oyera, naitraiti palibe, ndipo mankhwala opha mabakiteriya sachita kanthu. Mkodzo wa chakumasana ukayezedwe mazira. Mankhwala ake ndi purazikwantelo, 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kamodzi.
4. Chotupa cha chikhodzodzo kapena TB ya njira ya mkodzo. Magazi osatha, kuwonda, kapena maselo oyera opezeka mobwerezabwereza kalicha osameretsa kanthu. Tumizani. Likodzo la zaka zambiri limatha kubala khansa ya chikhodzodzo, choncho musanyalanyaze poona kuti wodwalayo ndi wamng'ono.

Mkodzo wakuda kwambiri pamodzi ndi maso achikasu, kufooka ndi kuyera m'zikhatho ndi nkhani ina: magazi akuphwanyika, mwina chifukwa cha G6PD. Asiye mankhwala, ayezedwe magazi tsiku lomwelo.

## Chizindikiro 5: mankhwala akumudwalitsa

Nseru ya naitrofurantoini imachepa akamwera pa chakudya chenicheni, kapena mukatsitsa kufika 50 mg kanayi patsiku. Koma asiye msanga n'kuonedwa ndi dokotala ngati wayamba kubanika kapena kutsokomola ali pa naitrofurantoini. Ngati watuluka zidzolo, zilonda m'kamwa kapena maso afiira ali pa bakitirimu. Ngati chidendene chayamba kupweteka kapena miyendo ikuchita dzanzi ali pa sipulo. Ndiponso ngati nkhope kapena milomo yatupa pa mankhwala alionse. Bakitirimu amakwezanso potaziyamu mwa omwa enalapirilo kapena sipironolakitoni, ndipo iye ndi sipulo amawonjezera mphamvu ya wafarini.

## Chizindikiro 6: zotsatira za mkodzo sizikugwirizana ndi mayiyo

Kapepala kopanda naitraiti sikatanthauza kuti matenda palibe. Mabakiteriya amafuna mkodzo ukhale m'chikhodzodzo maola anayi kuti apange naitraiti, ndipo mayi wokodza theka la ola lililonse sawapatsa mpata. Staphylococcus saprophyticus, wofala mwa atsikana, sapanga naitraiti n'komwe. Zizindikiro zikakhala zomveka bwino, thandizani.

Mbali inayo ndiyo imatha mankhwala pachabe. Mayi wachira, sakumva kanthu, koma wina wayezanso mkodzo "kuti titsimikize" n'kupeza maselo oyera kapena mabakiteriya. Musapereke kanthu, ndipo kuyeza koteroko n'kosafunika. Mkodzo wonunkha kapena wambuu popanda ululu nawonso si matenda. Amene timawathandiza ngakhale alibe zizindikiro ndi amayi oyembekezera ndi okachitidwa opaleshoni ya njira ya mkodzo.

## Nanga ndani apatsidwe masiku ambiri kuyambira pachiyambi?

Mayi woyembekezera, masiku 7, ndi kalicha ngati ilipo. Sefalekisini ndi wabwino, naitrofurantoini amaloledwa kupatula kumapeto kwa mimba, sipulo ayi, bakitirimu apewedwe makamaka miyezi itatu yoyamba. Bambo aliyense, masiku 7, chifukwa pulositeti imakhudzidwa. Amene ali ndi chubu cha mkodzo, mwala, kapena chitetezo chotsika kwambiri sali m'gulu lathu lija, ndipo masiku awo awerenge dokotala, nthawi zambiri 7 kapena kuposerapo.

Pali ena amene timawawonjezera masiku mwa mantha chabe. Mayi wa zaka 65 wamphamvu zake, impso zili bwino, afunika masiku 5 omwewo. Wa shuga woyang'aniridwa bwino chimodzimodzi, kungoti muuzeni abwere msanga thupi likatentha. Mayi amene ali pa ma ARV, tizilombo sitikuoneka m'magazi, ndi mayi wathanzi. M'patseni naitrofurantoini masiku 5, apitirize bakitirimu wake wa tsiku ndi tsiku monga kale, ndipo mulembe m'buku dzina la mankhwala, mlingo ndi tsiku limene ayenera kubweranso ngati sipakusintha.